Musanatumize dipoziti, funsani miyezo ya paleti yomangamanga kale

*"Ndili ndi shopu ya ziwiya ku Lilongwe. Ndikufuna kuoda mafulasiki 1,200 ku fakitale ina ya ku China. Mtengo tagwirizana, ndipo andiuza kuti akhala makatoni 50 oikidwa pa mapaleti. Ajenti wanga akuti sangandiuze mtengo wonyamulira mpaka ndimupatse miyezo. Ndikafunsa a fakitale amangoti katoni yake ndi yamasiku onse. Ndiwalembere chiyani kwenikweni kuti andiyankhe zomveka?"*

Mayi, ajenti wanuyo sakukuvutitsani dala. Makatoni 50 sadzaza kontena, choncho katundu wanu akwera m'kontena yogawana ndi amalonda ena, ndipo m'kontena yotere munthu amalipira malo amene watseka. Malowo sawayeza pa fulasiki, sawayezanso pa katoni ili payokha. Amayeza paleti itaima kale, makatoni atasanjidwa, pulasitiki itakulungidwa, malamba atamangidwa. Munthu wa kuweyahausi amatenga tepi n'kuyeza pamene patambalala kwambiri, kenako kuchokera pansi pa simenti kufika pamwamba penipeni. Nambala imeneyo ndiyo idzabwere pa invoisi yanu. Ndiye ntchito ya kalata yanu ndi imodzi: kuti nambalayo muidziwe lero, ndalama zikadali m'manja mwanu, osati katundu atafika kale padoko.

Ndiyambe ndi masamu, chifukwa mukawaona kalatayo idzilemba yokha.

Tiyerekeze kuti a fakitale ayankha kuti katoni imodzi imatenga mafulasiki 24, ndi ya masentimita 60 m'litali, 40 m'lifupi ndi 45 msinkhu, ndipo ikadzaza imalemera makilogalamu 14. Manambala awa ndi achitsanzo, anu adzakhala ena, koma kawerengedwe n'komweko. Sandutsani masentimita akhale mamita, muchulukitse: 0.60 kuchulukitsa ndi 0.40 kuchulukitsa ndi 0.45 ndi 0.108. Imeneyo ndi kyubiki ya katoni imodzi, yomwe pa mapepala amailemba kuti `CBM`. Makatoni 50 ndi makyubiki 5.4. Amalonda ambiri amaimira pomwepa, n'kutengera 5.4 kwa ajenti, n'kulandira koteshoni, n'kuwerengeratu phindu. Apa ndi pomwe ndalama imayambira kutayika, chifukwa 5.4 ndi makatoni ongounjika pansi, opanda paleti.

Paleti yofala kwambiri ndi ya masentimita 120 kwa 100, ndipo thabwa lakelo limakwera masentimita pafupifupi 15 kuchokera pansi. Katoni ya 60 kwa 40 imakhala bwino zedi pa paleti imeneyi: zitatu mumazigoneka mbali ya 40 itayang'ana kutsogolo, ziwiri mumazipingasa kumbuyo kwake, zonse zisanu n'kudzaza paleti ndendende osasiya mpata. Mukasanjika mizere inayi kukwera m'mwamba, ndi makatoni 20, msinkhu wake 180, kuonjeza 15 wa thabwa, 195. Mzere wachisanu sungatheke, chifukwa khomo la kontena wamba ndi lalitali pafupifupi mamita 2.28, ndipo fokolifiti imafunika kampata konyamulira. Ndiye makatoni anu 50 atuluka mapaleti awiri odzaza, ndi yachitatu ya makatoni 10 okha, yotalika masentimita 105. Yodzaza iliyonse ndi makyubiki 2.34, yaifupiyo ndi 1.26, zonse pamodzi 5.94. Mwaona kuti matabwa okha akuonjezerani kyubiki yoposa theka, katundu ali yemweyo.

Zimenezo ndi pamene zonse zayenda bwino. Tsopano taonani zimene masentimita awiri amachita.

Katoni ili ndi miyezo iwiri, yamkati ndi yakunja. Opanga makatoni amakonda kutchula yamkati, poti iwo nkhawa yawo ndi yakuti katundu alowe. Wogulitsa wa muofesi amangokopera nambala imeneyo n'kukutumizirani, iye katoniyo sanaikhudzepo n'komwe. Koma katoni ya makoma awiri ili ndi kuchindikala kwake, ndipo ikadzaza n'kumatidwa imatupa pamimba. Ija munauzidwa kuti ndi 60 kwa 40 kwa 45 ikhoza kupezeka ili 62 kwa 42 kwa 46 tepi ikaizungulira kunja. Pa katoni imodzi si nkhani. Pa paleti ndi nkhani yaikulu, chifukwa zitatu za 42 ndi 126, pomwe paleti ndi 120, ndipo 62 kuonjeza 42 ndi 104, pomwe paleti ndi 100. Zisanu zija sizikukwananso. Ndipo musaganize kuti zitsika n'kukhala zinayi. Tengani pepala mujambule, muzitembenuze mmene mungathere: zokhala mkati mwa thabwa osasefukira ndi zitatu basi. Atati atsate zimenezo, paleti itenga makatoni 12 okha, mapaleti akhala asanu, makyubiki adutsa 10.

Kunena zoona, a fakitale sachita zimenezo kawirikawiri. Chimene amachita n'kusanjika zisanu zomwezo, makatoni n'kusefukira kunja kwa thabwa masentimita angapo mbali zonse. Woyeza akafika sayeza thabwa, amayeza posefukirapo. Paleti yodzaza ikhala 126 kwa 104 kwa 199, yomwe ndi makyubiki 2.61, ndipo onse atatu akwana pafupifupi 6.62. Tingoyerekeza kuti ajenti anakutchulirani madola 200 pa kyubiki kufika ku Lilongwe. Munawerengera madola 1,080 pa 5.4 paja. Invoisi ibwera ya madola 1,324. Kusiyana kwa madola 244 kumeneko, mukakugawa pa mafulasiki 1,200, ndi masenti 20 a dola pa fulasiki iliyonse, ndipo sikuthera pomwepo, chifukwa a MRA powerengera msonkho amaphatikiza mtengo wa katundu ndi wonyamulira. Chokwera ku thiransipoti chimakwezanso msonkho.

Kusefukirako kuli ndi vuto lina loposa ndalama. Mphamvu ya katoni ili m'ngodya zake. Ngodya ikalendewera m'malere popanda thabwa pansi, katoni yapansi ndiyo imasenza katundu yense ndi mimba, n'kuyamba kuphwanyika pang'onopang'ono. Mbali yosefukirayo ndiyonso imakhulana ndi paleti ya mnzanu ndiponso kugundidwa ndi fokolifiti. Ngati mafulasiki anuwo ndi agalasi mkati, mudzamva nokha potsitsa, katoni ikulira ngati muli mchenga.

N'chifukwa chake mawu akuti "katoni yamasiku onse" musawalandire. Kulibe katoni yotero. Ngakhale paleti yamasiku onse kulibe. Ilipo ya 120 kwa 100 ija, ilipo ya ku Ulaya ya 120 kwa 80, ndipo kumayiko a ku Asia mumapezekanso kwambiri ya 110 kwa 110. Katoni yathu ya 60 kwa 40 imakwana zisanu pa yoyambayo, koma zinayi zokha pa ziwiri zinazo. Pa ya ku Ulaya, makatoni 50 ndi mapaleti atatu a 16, n'kutsala makatoni awiri oti akwere paleti yawoyawo. Mutadziwiratu zimenezi mukanangooda makatoni 48, kapena kupempha paleti ina. Ichi ndi chifukwa chachiwiri chofunsira musanaode: miyezo ikhoza kusintha chiwerengero chimene mukufuna kugula. Pa paleti ya 120 kwa 100, oda ya makatoni 40 kapena 60 imatuluka yoyera, yopanda paleti yatheka.

Za kulemera tsopano. Pa sitima ya m'madzi, katundu wogawana kontena amamulipiritsa poyerekeza zinthu ziwiri: makyubiki ndi matani. Kyubiki imodzi amaifananitsa ndi makilogalamu 1,000, ndipo chimene chakula ndicho mumalipira. Makatoni anu ndi makilogalamu 700, matabwa atatu aonjezera mwina 60 kapena 75, ndiye simufika n'komwe tani imodzi pomwe makyubiki ali pafupifupi 6. Inuyo mulipira malo. Wooda matailosi kapena mabawuti nkhani yake imatembenuka, iye amalipira kulemera. Mwina mungafunse kuti nanga kulemera ndikufunsiranji poti sikundikhudza. Kukukhudzani pawiri. Koyamba, gawo la pamsewu, kuchokera ku Beira kapena ku Dar es Salaam kubwera kuno, a mathiraki ali ndi kawerengedwe kawo, ndipo masikelo a pamsewu sayang'ana makyubiki, amayang'ana kulemera pa ekiselo iliyonse. Ajenti ayenera kukuuzani kuti gawo limenelo amawerengera makilogalamu angati pa kyubiki, ndipo sangayankhe popanda nambala yanu. Kachiwiri, kuyambira pa 1 Julaye 2016 lamulo la panyanja limafuna kuti kulemera kwa kontena yodzaza kutsimikizidwe isanakwere sitima, choncho wopakira kontenayo adzaika mapaleti anu pasikelo, mufune musafune. Zikasiyana kwambiri ndi zolembedwa, mapepala amayenera kukonzedwa, ndipo kukonza mapepala sitima itanyamuka kuli ndi mtengo wake.

Pofunsa kulemera, siyanitsani zinthu zitatu, chifukwa mukangoti "kulemera" aliyense ayankha chimene chili pafupi. Pali kulemera kwa katundu yekha, komwe pa katoni amalemba `N.W.`, pali kwa katoni yodzaza ndi yomata, komwe ndi `G.W.`, ndiye pali kwa paleti yonse pamodzi ndi thabwa, pulasitiki ndi malamba. Chachitatuchi ndicho chimasowa kawirikawiri pa mapepala a fakitale, ndipo n'chimene ajenti akufuna.

Kalatayo nayi. Idzapita m'Chingerezi, koma muyambe mwaimvetsa m'chinenero chathu, kuti pomasulira pasagwe kanthu. Chingerezi chake chikhale chachifupi, funso lililonse pamzere wake ndi nambala yake. Amene akuwerengayo Chingerezi si chake, monganso ife, ndipo mukalemba ndime yaitali ya mafunso asanu adzayankha loyamba ndi lomaliza basi.

*Okondedwa a zamalonda,*

*Zikomo chifukwa cha mtengo umene mwatipatsa wa mafulasiki 1,200, nambala ya katundu yakutiyakuti. Takonzeka kuoda. Tisanatumize dipoziti, ajenti wathu akufuna miyezo yeniyeni kuti atisungire malo m'kontena. Chonde tiyankheni funso lililonse pansi pa nambala yake, m'masentimita ndi m'makilogalamu.*

*1. Katoni imodzi imatenga mafulasiki angati, ndipo makatoni onse akhala angati?*

*2. Miyezo yakunja ya katoni yodzaza ndi yomata kale: m'litali, m'lifupi, msinkhu. Tikufuna yoyezedwa ndi tepi, osati yamkati.*

*3. Kulemera kwa katundu yekha m'katoni imodzi, ndi kulemera kwa katoni yonse itadzaza.*

*4. Paleti imene mugwiritse ntchito: miyezo yake, kulemera kwake ilibe kanthu, ndipo ndi ya thabwa wamba, ya pulayiwudu kapena ya pulasitiki? Ngati ndi ya thabwa wamba, ili ndi chidindo cha ISPM 15?*

*5. Makatoni angati pa mzere umodzi, mizere ingati pa paleti, ndipo mapaleti onse angati? Pali katoni yosefukira kunja kwa paleti?*

*6. Miyezo ya paleti iliyonse itamangidwa kale, kuyeza potambalala kwambiri ndiponso kuchokera pansi kufika pamwamba, ndi kulemera kwake konse. Paleti yosadzaza muilembe payokha.*

*7. Kodi paleti ina ingasanjikidwe pamwamba pake? Ngati inde, yolemera mpaka makilogalamu angati?*

*8. Titumizireni zithunzi: katoni ili ndi tepi m'mbali zonse zitatu, katoni ili pasikelo manambala akuoneka, ndi paleti yomangidwa.*

*Manambala amenewa muwalembenso pa invoisi yoyambirira imene tilipirire dipoziti. Tikalandira yankho pofika Lachisanu, dipoziti tituma sabata yamawa.*

Pansi pa kalatayo muikepo katebulo kopanda kanthu koti angodzaza. Anthu a kufakitale amayankha tebulo msanga kuposa ziganizo, chifukwa mitu yakeyo ndi imene amaiona tsiku ndi tsiku pa mapepala awo opakirira:

```
CARTON: PCS/CTN | CTNS | L x W x H (cm) | N.W. (kg) | G.W. (kg)
PALLET: NO. | CTNS | L x W x H (cm) | G.W. (kg) | STACKABLE Y/N
```

Mwaona kuti kalatayo yayamba ndi mawu akuti takonzeka kuoda, ndipo yathera pa dipoziti. Ndachita dala. Kuti wogulitsa ayankhe funso lachisanu ndi chimodzi ayenera kudzuka pampando, kupita kumalo opakirira, kukapempha munthu wina amuyezere. Sangavutike choncho chifukwa cha munthu amene akungofunsa mitengo. Akaona kuti chatsala pakati pa iye ndi ndalama ndi tepi yokha, amadzuka. Mukangotumiza dipoziti, mphamvu imeneyo yachoka m'manja mwanu, mafunso anu aziyankhidwa mawa lake la mawa.

Mafunso awiri m'kalatamo akufunika ndiwafotokoze pang'ono.

Lachisanu ndi chiwiri, losanjikiza, limaoneka laling'ono koma limadya ndalama mwakachetechete. Paleti yanu yachitatu ija ndi ya masentimita 105 okha. Pamwamba pake patsala malo oposa mita, ndipo wopakira kontena amafuna aikepo katundu wa munthu wina. A fakitale akamata chipepala chakuti pasaikidwe kanthu pamwamba, kapena akamanga paletiyo ngati chulu, makatoni awiri atatsalira pamwamba pakati, malo onse kufika kudenga atayika, ndipo makampani ambiri onyamula katundu amalipiritsa mwini paletiyo malo otayikawo. Mulipira mpweya. Ndiye pemphani kuti pamwamba pakhale pafulati, mzere womaliza ukhale wodzaza. Ngati katunduyo ndi wosalimba moti sangasenze kanthu, ndi bwino mudziwe lero, mumuuze ajenti, akupatseni mtengo woona.

Lachinayi, la chidindo cha lamulo la ISPM 15, ndi lalifupi. Thabwa wamba lodutsa malire a mayiko limayenera kuphikidwa kapena kufukizidwa mankhwala kuti lisanyamule tizilombo, ndipo likatero amalidinda chizindikiro chokhala ndi zilembo `IPPC`, zilembo za dziko monga `CN`, ndi `HT` ngati analiphika ndi kutentha. Paleti ya pulayiwudu kapena ya pulasitiki lamuloli siliikhudza. Yopanda chidindo ikhoza kuimitsidwa padoko, ndiye funsani, zithere pomwepo.

Yankho likabwera musathamangire kulitumiza kwa ajenti. Khalani nalo pansi ndi kakyuleta mphindi khumi, muone ngati manambalawo akugwirizana okhaokha. Mafulasiki pa katoni kuchulukitsa ndi makatoni zikwane 1,200. Makatoni pa mzere kuchulukitsa ndi mizere zikwane makatoni a pa paleti. Msinkhu wa katoni kuchulukitsa ndi mizere, kuonjeza thabwa, zifanane ndi msinkhu wa paleti umene alemba. Kulemera kwa katoni kuchulukitsa ndi makatoni a pa paleti, kuonjeza thabwa, zifanane ndi kulemera kwa paleti. Pa chitsanzo chathu, makatoni 20 a makilogalamu 14 ndi 280, ndiye paleti yodzaza iyenera kukhala cha m'ma 300 kapena kupitirira pang'ono. Akalemba 280 ndendende, aiwala thabwa. Akalemba 250, pali nambala yabodza penapake. Kenako jambulani paletiyo papepala muone ngati makatoni amene akuti akwana pa mzere akukwanadi.

Yankho longopeka limadziwika. Manambala ake amakhala ozungulira bwino onse, 60, 40, 40, makilogalamu 15, ndipo kutsogolo kwake kuli kamawu kakuti "pafupifupi". Munthu amene wayezadi amabwera ndi zinthu ngati 61.5 ndi 14.3. Chizindikiro china n'chakuti `N.W.` ndi `G.W.` zafanana, ngati kuti katoni ndi zotchingira zamkati sizilemera kanthu. China, mapaleti onse atatu alembedwa msinkhu umodzi ndi kulemera kumodzi, pomwe inu mukudziwa kuti yachitatu ndi yatheka. Chenjeraninso ndi muyezo umene agwiritsa ntchito. Mukaona 600 x 400 x 450, amenewo ndi mamilimita, palibe vuto. Koma fakitale yozolowera kugulitsa ku America ikhoza kukupatsani mainchesi ndi mapaundi osanena. Inchi imodzi ndi masentimita 2.54, ndiye katoni yolembedwa 24 x 16 x 18 mukaiwerenga ngati masentimita, kyubiki yake ituluka yochepa kuposa kakhumi ndi kasanu poyerekeza ndi yeniyeni. Nzeru zokha zikuuzani kuti mafulasiki 24 sangalowe m'kabokosi kotero, koma munthu ukasangalala ndi mtengo wotsika suona.

Ine zinandigwerapo ndili wachinyamata pantchitoyi. Kasitomala wina anandibweretsera pepala la fakitale la mabeseni ndi zidebe zapulasitiki, ine n'kuchulukitsa miyezo ya makatoni, n'kumupatsa mtengo, iye n'kulipira. Sindinafunse ngati katunduyo akwera pa mapaleti. Atafika kuweyahausi ya kudoko lonyamukira, uthenga unabwera ndi chithunzi: mapaleti anayi, makatoni atatuluka m'mbali ngati mkate wofufuma, pamwamba atamangapo timakatoni totsalira. Muyezo wawo unaposa wanga kutali. Bamboyo anakhala pa benchi ya muofesi mwathu chipewa chili pabondo, n'kungondifunsa kuti, "Achimwene, nanga poyamba paja munkayeza chiyani?" Ndinalibe choyankha, chifukwa sindinayeze kanthu, ndinangokhulupirira pepala. Theka la ndalama yoonjezerayo inachoka m'thumba mwathu.

Mwina a fakitale adzakuyankhani kuti katunduyo sanapangidwe, ndiye sangayeze paleti imene kulibe. Nthawi zina n'zoona. Koma ngati fulasikiyo ndi imene amapanga kale, makatoni ake alipo m'nyumba yosungiramo katundu, ndipo anatumizapo kwa anthu ena. Apempheni manambala a pa pepala lopakirira la oda yapita ya katundu yemweyo, dzina la wogulayo atalibisa, ndi chithunzi cha katoni imodzi ili pasikelo. Ngati ndi katundu watsopanodi, kapena mwasinthitsa kabokosi kamkati kuti kakhale ndi dzina la shopu yanu, ndiye avomere kulemba malire pa invoisi yoyambirira ija: kuti katoni sidzaposa miyezo yakutiyakuti kunja kwake, mapaleti sadzaposa atatu, makyubiki onse sadzaposa akutiakuti. Ine ndimakonda kuwasiyira kampata ka magawo 5 pa 100 alionse, n'kulemba kuti zopitirira pamenepo mtengo wake wonyamulira udzachotsedwa pa ndalama yotsala. Ena amakana chiganizo chimenechi, ndipo si chifukwa chothetsera malonda. Koma ngakhale akane, mudzaona kuti manambala amene abwere ulendo wachiwiri asintha, chifukwa tsopano munthu wapita kukayezadi. Ndipo musanamalize kulipira ndalama yotsalayo, katundu atapakidwa, pemphaninso zithunzi za mapaleti enieniwo ali ndi tepi, muyerekeze ndi zimene analonjeza.

Pali funso lina limene simunafunse koma ajenti wabwino akufunsani: kodi mapaletiwo mukuwafunadi? Katundu wambiri wochokera ku China amabwera makatoni okhaokha, ndipo mwaona kale kuti mungapulumutse kyubiki yoposa theka. Akanakhala mabulangete kapena mabeseni ndikanati asiyeni matabwawo. Koma makatoni 50 omwazika amagwiridwa ndi manja kambirimbiri: pokweza kufakitale, kuweyahausi, polowa m'kontena, potuluka, pokwera thiraki. Paliponse pamenepo katoni ikhoza kuponyedwa, kupondedwa kapena kusochera n'kupita ndi katundu wa wina. Mapaleti atatu okulungidwa amawerengeka ndi maso, ndipo wina akang'amba pulasitiki zimaoneka. Kwa mafulasiki agalasi, ine ndingalipire matabwawo. Ngati ndi achitsulo okhaokha, funsani mitengo iwiri, wa pa mapaleti ndi wopanda, musankhe mutaona kusiyana kwake. Mungoonjezera mzere umodzi m'kalata muja wopempha makyubiki ndi kulemera kwa njira zonse ziwiri. Muonenso ngati mtengo umene munagwirizana ukuphatikiza mapaletiwo, chifukwa mafakitale ambiri amalipiritsa paleti payokha, ndipo zimatulukira mochedwa.

Miyezo ya katoni imodzi ija isungeni, idzakuthandizani tsiku lina mukadzafuna makatoni awiri kapena atatu achangu pa ndege. Kumeneko amachulukitsa masentimita atatu aja n'kugawa ndi 6,000, ndipo makampani otumiza maphukusi mwachangu ambiri amagawa ndi 5,000. Katoni ya 60 kwa 40 kwa 45 ndi 108,000. Kugawa ndi 6,000 ndi makilogalamu 18, kugawa ndi 5,000 ndi 21.6, pomwe pasikelo ikulemera 14 yokha. Mulipira nambala yaikuluyo.

Mukatumiza manambala kwa ajenti, mutumize tebulo lonse ndi zithunzi zomwe, osati kyubiki yophatikiza kale, kuti naye awerenge yekha ndipo cholakwa chikakhalapo muchigwire awiri. Mumufunse kuti koteshoni yake ailembe poyera kuti yaima pa mapaleti angati, a miyezo yanji, ndiponso kuti kyubiki iliyonse yopitirira idzakhala ndalama zingati. Mumuuzenso kumene katundu akatsikire. Kushopu kwanu ndikhulupirira kulibe fokolifiti, ndipo paleti ya makilogalamu 300 anyamata sangaitsitse yathunthu. Idzafunika kumasulidwa pathiraki pomwepo, makatoni n'kumatsika imodziimodzi, zomwe pa makilogalamu 14 munthu mmodzi amakwanitsa bwinobwino. Mudzakhalepo nokha pomasulapo, muwerenge makatoni 20, 20 ndi 10, ndipo katoni yophwanyika ngodya muijambule ikadali pa paleti, dalaivala asanakupatseni pepala loti musayine.